Masamba 6 amene anatsala pa desiki

Mayi wina wolemba mapulogalamu a kompyuta anasiya ntchito pa bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama. Anapeza ntchito kwina, anapereka notisi yake mwa dongosolo, ndipo tsiku lotsazika anasiya masamba 6 osindikizidwa, kope lina analiika pa seva pamodzi ndi mapulogalamu. Masambawa ndi kalata ya handova. Taiwerenga yonse, tamvanso zimene zinachitika patatha milungu ingapo mwini wake atachoka, ndipo tikuona kuti ndi yoyenera kuiyamikira poyera. Tidzanenanso pamene inaperewera, pakuti ilipo mbali imene sinakwanire.

Kalatayi sikukamba za mapulogalamu onse a bungwelo. Ikukamba za ntchito zimene seva imadziyendetsera yokha nthawi ikakwana, popanda munthu wodina batani. Pa makina a Linux ntchito zotere zimayendetsedwa kawirikawiri ndi pulogalamu yotchedwa `cron`, imene inachokera ku Unix wa m'zaka za m'ma 1970, ndipo mtundu wake wofala lero unachokera pa umene Paul Vixie analemba mu 1987. Munthu amalemba mzere umodzi wonena nthawi ndi lamulo loti liyendetsedwe, basi. Kuyambira pamenepo ntchitoyo imayenda usiku uliwonse, kapena mwezi uliwonse, kwa zaka. Vuto lake lagona pomwepo. Chinthu chimene chikuyenda bwino popanda wochiyang'ana, anthu amachiiwala, ndipo amene amachikumbukira amakhala mmodzi yekha, amene anachilemba. Iyeyo akachoka, bungwe limatsala ndi ntchito zimene zikugwira ndalama za mamembala pakati pa usiku koma palibe amene angazitchule mayina.

Mayiyu anapeza ntchito 7 zotere. Sanazilembe za pamtima. Kalata ikusonyeza kumene anafufuza: `crontab -l` ya akaunti iliyonse ya pa seva, fayilo ya `/etc/crontab`, chikwatu cha `/etc/cron.d`, komanso `systemctl list-timers`, chifukwa ntchito zina masiku ano zimayendera mataima a `systemd`. Pa ntchito iliyonse anayankha mafunso ofanana: ikuchita chiyani, imayenda nthawi yanji, mwini wake ndani, ndipo ikalephera munthu achite chiyani. Zinayi mwa ntchitozi n'zopepuka ndipo anazipatsa ndime imodzi imodzi. Ina imafufuta malogi akale kuti disiki isadzaze. Ina imakonzanso satifiketi ya webusayiti ya mamembala, imene imatha pa masiku 90 ngati ili ya Let's Encrypt. Masamba ambiri anawathera pa ntchito zitatu, ndipo ife tikhalanso pa zitatuzo.

Mizere yake pa seva ndi iyi:

```
0 21 * * *      /srv/ngongole/bakapu.sh
30 22 28-31 * * [ "$(date -d tomorrow +\%d)" = "01" ] && /srv/ngongole/chiwongola.sh
0 6 1 * *       /srv/ngongole/sms_balansi.sh
```

Kwa amene sanazolowere, zigawo zisanu zoyambirira za mzere uliwonse ndi mphindi, ola, tsiku la mwezi, mwezi, ndi tsiku la sabata. Kanyenyezi kakutanthauza kuti lililonse. Mzere woyamba ukukopera databesi yonse n'kuisunga, chimene anthu a ntchitoyi amati bakapu. Wachiwiri ukuwerengera chiwongoladzanja pa ngongole iliyonse mwezi ukatha. Wachitatu ukutumizira mamembala uthenga pa foni wowauza ndalama imene yatsala pa ngongole yawo.

Munthu waulesi akanangokopera mizere itatuyi m'kalata n'kunena kuti ndandanda ndi imeneyo. Chinthu choyamba chimene tikuyamikira n'chakuti mayiyu anaona kuti mizereyi, ngakhale ili yolondola, ikhoza kusokeretsa munthu. Wotchi ya sevayi inaikidwa pa UTC, pamene nthawi ya ku Malawi ili patsogolo ndi maola awiri chaka chonse. Choncho 21:00 ya pa mzere woyamba ndi 11 koloko usiku kwathu kuno. 22:30 ya tsiku lomaliza la mwezi ndi 00:30 ya pa 1 mwezi wotsatira. Ndipo 6 koloko ya mzere wachitatu ndi 8 koloko m'mawa, nthawi imene anthu akutsegula maofesi ndi mashopu. Pa ntchito iliyonse analemba nthawi ziwiri, ya pa seva ndi ya pa wotchi ya pakhoma, ndipo anasonyeza lamulo la `timedatectl` loti wokayika adzionere yekha. Anachenjezanso kuti wina asadzasinthe wotchi ya seva kuipititsa pa nthawi ya kwathu poganiza kuti akukonza zinthu. Atatero osasintha mizere, chiwongoladzanja chingayende hafu pasiti 10 usiku wa tsiku lomaliza, ndalama zimene mamembala amabweza pa foni mochedwa zisanalowe zonse, ndipo mauthenga angadzutse anthu 6 koloko m'mawa.

Mzere wachiwiri uja ukuoneka wopotoka, ndipo kalata ikufotokoza chifukwa chake. `cron` wamba alibe njira yolembera kuti tsiku lomaliza la mwezi. Mukalemba 31, ntchito siyenda mu Febuluwale, Epulo, Juni, Seputembala ndi Novembala. Ndiye mzerewu umadzuka kuyambira pa 28 mpaka pa 31, n'kufunsa ngati mawa lake ndi pa 1. Likakhala inde, sikiripiti imayenda. Likakhala ayi, imagona. Kachizindikiro kopendekeka kamene kali kumbuyo kwa `%` sikanalembedwe molakwitsa: mu `crontab`, `%` yopanda kachizindikiroko imatengedwa ngati mapeto a lamulo, ndipo zotsatira zake zimadulidwa. Wolowa m'malo amene angafune kuyeretsa mzerewu n'kuchotsa kachizindikiroko, chiwongoladzanja sichingayendenso, ndipo adzazindikira mwezi utatha. Chiganizo chimodzi cha m'kalata chatseka dzenje limeneli.

Koma chimene chinatigwira mtima kwambiri pa ndandanda ndi china. Mayiyu analemba chifukwa chimene ntchito iliyonse ili pa ola limene ili. Bakapu ili patsogolo pa chiwongoladzanja ndi ola limodzi ndi theka mwadala, kuti kuwerengera kukalakwika pakhale pobwerera. Mauthenga ali pambuyo ndi maola 7 ndi theka kuti a akauntanti, amene amafika hafu pasiti 7, akhale ndi mphindi 30 zoona ngati ziwerengero zili bwino uthenga usanapite kwa anthu. Pa seva palibe paliponse pamene mgwirizano umenewu unalembedwa. `cron` sadziwa kuti mzere wachitatu ukudalira wachiwiri. Amangoyang'ana wotchi mphindi iliyonse, n'kuyendetsa chimene nthawi yake yakwana. Unyolo wa ntchito zitatuzi unali m'mutu mwa munthu mmodzi, ndipo kalatayi ndiyo inautulutsa.

Pa nkhani ya mwini wa ntchito, ma handova ambiri amene tawaona amalemba mawu amodzi pa mzere uliwonse: ofesi ya makompyuta. Zimenezo sizithandiza, chifukwa funso lenileni la m'mawa wa mavuto si lakuti ndani amadziwa kulowa mu seva. Funso n'lakuti ndani ali ndi mphamvu yonena kuti yendetsani, kapena imitsani. Kalatayi inagawa pawiri. Pali wogwira makina, ndipo pali mwini wa chiganizo. Pa bakapu onse awiri ndi a ofesi ya makompyuta. Pa chiwongoladzanja, wogwira makina ndi wa makompyuta, koma mwini ndi a akauntanti, ndipo iwo kulibe, a manijala. Pa mauthenga, mwini ndi mkulu wa za ngongole, popeza ndiye amene mamembala adzamuimbire akalandira uthenga wolakwika. Analemba udindo poyamba, dzina la amene ali pa udindowo pambuyo, kuti munthu akasintha kalata isafe. Ndipo tamva kuti asanalembe dzina la aliyense, anapita kukakhala naye pansi n'kumuuza kuti ntchito yakuti ndi yanu. A akauntanti anali asakudziwa n'komwe kuti chiwongoladzanja chimawerengedwa ndi mzere umodzi umene ukhoza kulephera. Ankangochipeza chili m'malipoti pa 1, ngati mmene munthu amapezera madzi pa mpopi.

Palinso umwini wina umene anthu ambiri saukumbukira, wa pa seva penipeni. Ntchito zitatuzi zinkayenda pa akaunti ya mayiyu. Mwambo wabwino wa chitetezo ndi wakuti wantchito akachoka, akaunti yake itsekedwe tsiku lomwelo. Koma akaunti ikachotsedwa, `cron` sayendetsanso mizere yake, ndipo pa makina ambiri ngakhale akaunti yongotha nthawi yake imakanidwa. Bungwe likanachita chinthu choyenera, n'kuzimitsa nacho bakapu, chiwongoladzanja ndi mauthenga nthawi imodzi, popanda phokoso. Sabata imodzi asanachoke, mayiyu anasamutsira mizereyi ku akaunti ya ntchito imene si ya munthu aliyense, anaiyang'anira ikuyenda masiku angapo, ndipo analemba m'kalata kuti tsopano akaunti yake ikhoza kutsekedwa. Mapasiwedi sanawalembe m'kalata. Anangonena kumene asungidwa ndi amene ali ndi kiyi. Apa anachita bwino, chifukwa kalata yotere imafotokopedwa, imatumizidwa pa imelo, imagona pa madesiki.

Tsopano tifike pa usiku umene kalatayi inayesedwa. Unali usiku wa pa 30 Epulo. Wolemba mapulogalamu watsopano anali asanayambe ntchito. Mu ofesi ya makompyuta munali mnyamata mmodzi amene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi maprinta, netiweki ndi malaputopu a anthu. Magetsi anathima cha m'ma 10 koloko usiku. Batire ya seva inagwira kanthawi kochepa n'kutha, ndipo jenereta ya pamalopo imayatsidwa ndi munthu m'mawa. Seva inadzuka itangopitirira 7 koloko.

Apa pali khalidwe la `cron` limene kalata inalilemba ndi zilembo zazikulu. `cron` sabwerera m'mbuyo. Nthawi ikadutsa makina ali chizimire, ntchitoyo yaphonyedwa, ndipo makina akadzuka palibe chimene chimaikumbukira. Zida zina zimabweza ntchito zophonyedwa, monga `anacron`, kapena taima ya `systemd` yokhala ndi `Persistent=true`, koma mizere itatuyi sinali pa zimenezo. Bakapu ya 11 koloko sinayende. Chiwongoladzanja cha 00:30 sichinayende, ndipo sichikanayendanso mpaka kumapeto kwa Meyi. Koma mzere wachitatu unali moyo. Seva inali itadzuka, ndipo 8 koloko ikanatumizira mamembala oposa 1,000 mabalansi opanda chiwongoladzanja cha Epulo. Aliyense amene anagwirapo ntchito ya ngongole akudziwa tanthauzo lake. Munthu amabweza ndalama imene yalembedwa pa foni pake, amasunga uthengawo, ndipo mwezi wotsatira mukamuuza kuti panatsala kena, amakuonetsani foniyo. Ndipo iye ndiye amakhala wolondola.

Gawo la kalata lokhudza kulephera kwa chiwongoladzanja analilemba m'Chichewa, ngakhale mbali zina zinali m'Chingerezi, ndipo linayamba ndi chizindikiro chimene munthu wosadziwa seva angachione: pa tsamba la malipoti, mzere wa chiwongoladzanja cha mwezi wathawo ukhala pa ziro. A akauntanti anachiona atangokhala pansi. Anaitana mnyamata uja, ndipo awiriwa anatsegula tsamba 4.

Sitepe yoyamba si yokonza chimene chawonongeka. Ndi yoimitsa chimene chikubwera. Kalata ikuti musanafufuze kalikonse, letsani mauthenga polemba lamulo ili:

```
touch /srv/ngongole/IMITSA_SMS
```

Sikiripiti ya mauthenga imayamba ndi kuyang'ana ngati fayilo imeneyi ilipo, ndipo ikaipeza imatuluka osatumiza kanthu. Mnyamatayo analemba lamulolo patatsala mphindi pafupifupi 20 kuti 8 ikwane. Kuyambira pamenepo changu chinatha, ndipo zotsala zikanatheka modekha. Tikuona kuti apa ndi pamene luso la wolemba kalatayi likuonekera kwambiri. Anadziika m'malo mwa munthu wamantha amene akuwerenga wotchi ikuthamanga, n'kumupatsa poyamba chinthu chimodzi chachifupi chimene sichingawononge kanthu.

Sitepe yachiwiri ndi bakapu. Kalata ikuti musakhudze chiwongoladzanja ngati palibe bakapu ya usiku womwewo. Ikutinso kupezeka kwa fayilo si umboni wokwanira, muone kukula kwake ndi `ls -lh` n'kufananitsa ndi ya dzulo. Chifukwa chake n'chakuti sikiripiti imatenga zotuluka mu `pg_dump` n'kuzipereka kwa `gzip` kudzera pa paipi. `pg_dump` ikalephera, mwachitsanzo chifukwa pasiwedi ya databesi yasintha, `gzip` imapanikiza chopanda kanthu n'kulemba fayilo ya mabayiti 20, ndipo lamulo lonse limaoneka ngati latheka, popeza chigamulo chimatengedwa kwa pulogalamu yomaliza ya pa paipi. Fayilo imakhalapo, dzina ndi deti zili bwinobwino, koma m'kati mulibe membala ndi mmodzi yemwe. Bakapu yeniyeni ya bungweli inali pafupifupi mamegabayiti 80, ndipo kalata inapereka nambala imeneyi kuti munthu akhale ndi poyezera. M'mawa umenewo fayilo ya usiku kunalibe. Mnyamatayo anayendetsa `bakapu.sh` ndi manja, monga kalata inalolera, pakuti bakapu mungaibwereze kangati konse popanda choipa. Inatuluka ya kukula koyenera.

Sitepe yachitatu ndiyo mtima wa kalata yonse. Musanayendetse chiwongoladzanja, werengani mizere imene yalembedwa kale ya mweziwo:

```
SELECT count(*) FROM chiwongola WHERE mwezi = 'YYYY-MM';
```

Mayankho otheka ndi atatu, ndipo lililonse lili ndi njira yake. Likakhala 0, ntchito sinayambe n'komwe, ndipo mukhoza kuiyendetsa kamodzi a akauntanti atavomereza. Likafanana ndi chiwerengero cha ngongole zimene zili moyo, ntchito inatha, vuto lili pa tsamba la malipoti, musayendetse kanthu. Likakhala pakati, ntchito inadukira panjira, ndipo apa kalata ikuletsa kotheratu kubwereza. Mayiyu anaulula chofooka cha sikiripiti yake: imalemba ngongole imodzi imodzi n'kusunga pompo, ndipo siyang'ana ngati ngongoleyo yawerengedwa kale. Mukaibwereza itadukira pakati, amene anali koyambirira kwa mndandanda amalipiritsidwa chiwongoladzanja kawiri. Njira yake pamenepo ndi kuimitsa kulowetsa malipiro, kubwezeretsa databesi kuchokera ku bakapu ya 11 koloko, kuyendetsa ntchitoyo kamodzi, ndi kulowetsanso malipiro amene anabwera bakapuyo itatengedwa kale. Imeneyo si ntchito ya munthu mmodzi m'mawa wothamanga, ndipo kalata ikuti a manijala adziwitsidwe isanayambe.

Si chinthu chapafupi munthu kulemba ndi dzanja lake, sabata yochoka, kuti chimene ndinapanga chili ndi chilema chakuti. Ambiri amafuna kuchoka ndi mbiri yoyera, ndipo chilemacho amachisiya kuti wolowa m'malo adzachipeze yekha, pamenepo mlandu n'kukhala wa watsopanoyo. Mayiyu anasankha kuti aoneke woperewera pa pepala kusiyana n'kuti mayi wogulitsa tomato alipire kawiri. Ichi tikuchilemekeza kuposa luso lonse la m'masamba ena.

M'mawa umenewo yankho linali 0. Koma panali msampha wina wotsala, ndipo kalata inali itauona. Sikiripiti ikayenda yokha imatenga mwezi pa wotchi ya seva. Pa 22:30 ya UTC ya pa 30 Epulo mwezi ndi Epulo, zonse zili bwino. Koma m'mawa wa pa 1 wotchi ikunena Meyi, ndipo woiyendetsa ndi manja osatchula mwezi angawerengere chiwongoladzanja cha Meyi, mwezi umene wangoyamba kumene, Epulo n'kutsala osawerengedwa. Kalata inapereka lamulo lonse, lokhala ndi `--mwezi YYYY-MM`, ndi chenjezo loti mwezi wolemba ndi wathawo. Mnyamatayo anawerengera a akauntanti lamulolo mokweza asanadine, iwo anavomera, ndipo linayenda. Anawerenganso mizere, inafanana ndi ngongole zamoyo. A akauntanti anatenga ngongole zisanu n'kuziwerengera pa kakyuleta, monga kalata inapemphera, ndipo zinagwirizana. Pomaliza anafufuta fayilo ya `IMITSA_SMS`, chinthu chimene kalata inakumbutsa kawiri, chifukwa ikaiwalika mauthenga a mwezi wotsatira sangapite ndipo palibe chingadandaule. Anayendetsa mauthenga ndi manja, ndipo mamembala anawalandira cha m'ma 10 koloko m'malo mwa 8.

Mayi uja sanaimbiridwe foni. Nambala yake inali pa tsamba lomaliza, ndi mawu akuti kwa mwezi umodzi akhoza kuyankha madzulo, koma sinafunike. Timakonda kutama wantchito amene amati ngakhale atachoka amathandizabe, amayankha foni usiku. Ulemu umenewo ndi woona, koma umabisa kanthu: munthu wachoka, ali ndi bwana wina, ndipo tsiku lina foni yake idzakhala yozima. Amene wakonza zinthu kuti asafunikenso wathandiza bungwe kuposa amene amayankha foni.

Tinanena kuti tidzatchula pamene kalatayi inaperewera. Choyamba, inadalira maso a munthu. Kulephera kwa usiku uja kunaoneka chifukwa a akauntanti anafika nthawi yake n'kutsegula tsamba loyenera. Pa 1 Meyi ndi tsiku la tchuthi cha apantchito, ndipo iwo anabwera chabe chifukwa kutseka mabuku a mwezi sikudikira. Akanapanda kubwera, mauthenga olakwika akanapita. Mzere wa `MAILTO` unalipo, ndipo mayiyu anausintha kuti imelo isamapitenso kwa iye. Koma `cron` amatumiza imelo pokhapokha ntchito itayenda n'kulemba kanthu. Ntchito imene sinayambe n'komwe siitumiza chilichonse. Mankhwala ake ndi odziwika: ntchito ikatha bwino izisiya chizindikiro, ndipo chinthu china, chimene sichili pa seva yomweyo, chizichenjeza chizindikirocho chikapanda kufika. Chabwino koposa, sikiripiti ya mauthenga izidziwerengera yokha mizere ya chiwongoladzanja n'kukana kutumiza ngati siikwana. Pamenepo unyolo uja ukanachoka pa pepala n'kulowa m'makina. Kalata inatchula zimenezi ngati ntchito yotsala, koma kutchula sikufanana ndi kuchita.

Chachiwiri, njira yobwezeretsa databesi inalembedwa bwino, koma palibe wina kupatula mayiyu amene anaiyesapo. Usiku uja magetsi akanathima 00:35 m'malo mwa 10 koloko, yankho likanakhala lapakati lija, ndipo mnyamata wa maprinta akanayenera kubwezeretsa databesi ya ndalama za anthu koyamba m'moyo wake, akuwerenga pa pepala. Sitikukhulupirira kuti zikanayenda mosalala chonchi. Ola limodzi lokha, mayiyu asanachoke, mnyamatayo atagwira kiyibodi pa makina oyeserera iye akungoyang'ana, likanaonetsa masitepe amene wolemba amawadumpha chifukwa kwa iye ndi odziwikiratu.

Koma pa zoperewera ziwirizi, mlandu waukulu suli pa wolemba kalata. Iye anapatsidwa mwezi wa notisi, ndipo mkati mwa mwezi womwewo ankayembekezeredwabe kumaliza ntchito zina. Chilema cha kulipiritsa kawiri chinakhala m'sikiripitiyo zaka, ndipo kuchikonza kunafuna masiku amene oyang'anira sanawapereke, chifukwa chinthu chimene chikuyenda sichioneka ngati chofunika nthawi. Kalata yotere inayenera kulembedwa tsiku limene mzere uliwonse unaikidwa, n'kumakonzedwa mzere ukasintha. Oyang'anira amene amafunsa za ntchito za usiku pokhapokha munthu atapereka notisi, akhale akudziwa kuti si onse amachoka ndi notisi. Ena amadwala mwadzidzidzi, ena amachotsedwa, ena amamwalira.

Pa tsamba 6 pali kandime kena kamene sitikufuna kukasiya. Mayiyu analemba kuti pali ntchito ya nambala 8 imene siili pa seva iliyonse, chifukwa ankaichita yekha. Lolemba lililonse m'mawa ankakopera bakapu yatsopano pa disiki yonyamula n'kukaipereka kwa a manijala kuti aitsekere mu sefa ya ku nthambi ina. Palibe anamutuma, ndipo sizinali m'kalata yake ya ntchito. Anayamba kutero ataona kuti bakapu zonse zimagona pa makina omwewo amene ali ndi databesi, kotero kuti moto kapena wakuba akanatenga zonse pamodzi. `crontab -l` sikanaionetsa ntchito imeneyi, ndipo ikanaima mwakachetechete sabata yoyamba iye atachoka. Anailemba mofanana ndi zinzake: nthawi yake, mwini wake watsopano, ndi chochita ikaphonyedwa, chimene ndi kuichita Lachiwiri osadikira Lolemba lotsatira.

Wolemba mapulogalamu watsopano anayamba ntchito mkati mwa Meyi. Pansi pa tsamba loyamba mayi uja anasiya malo olembapo deti ndi dzina la aliyense wosintha kalatayi. Mzere wachiwiri wa malowo wadzazidwa tsopano: sikiripiti ya chiwongoladzanja imadumpha ngongole imene yawerengedwa kale, ndipo ndime yoletsa kubwereza yalembedwanso. Kuyesa kubwezeretsa databesi, mnyamata uja ali pa kiyibodi, sikunachitikebe, ndipo tikupempha oyang'anira kuti apereke ola limenelo mwezi uno usanathe.